Vidiyo ikaphethira: kusaka fulemu imodzi yosokera pakati pa makilipu awiri

Mwini ukwati sangakuuzeni kuti pa taimulaini yanu pali fulemu yosokera. Iye amangoti, "Vidiyo ija ndi yabwino, koma penapake ikuphethira." Mukamufunsa kuti pati, yankho lake limakhala lakuti, "Pa perekani-perekani paja." Aliyense amene anajambulapo ukwati ku Nchalo kapena ku Bangula akudziwa kutalika kwa perekani-perekani: akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, anzake a kuntchito, aliyense ndi nyimbo yake. Ndiye mwapatsidwa pafupifupi ola lathunthu kuti mufunefunemo chinthu chomwe sichikhalitsa ngakhale theka la sekondi.

Ambiri kuno timaedita pa mafulemu 25 pa sekondi. Fulemu imodzi, choncho, imakhala pa sikirini masekondi 0.04 okha. Nthawiyi ndi yochepa kwambiri moti munthu sazindikira chomwe waona, koma ndi yokwanira kuti diso lidzidzimuke. Zili ngati kamwala mu mpunga: pa mbale sikaoneka, koma dzino silikaphonya. Pa ola limodzi la vidiyo pali mafulemu 90,000, ndipo woipa ndi mmodzi.

Chomwe ndikufuna kunena ndi chakuti kufufuta ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kudziwa komwe fulemuyo ikukhala, chifukwa imatha kukhala m'malo osiyana, ndipo mankhwala a malo amodzi amawononga pa malo ena.

Nthawi zina ndi mpata chabe. Makilipu awiri sanagundane, pakati patsala fulemu imodzi yopanda kanthu, ndipo pa sikirini pakubwera mdima, kapena kilipu yomwe ili pa mzere wa pansi ikusuzumira. Izi zimachitika kwambiri mukakoka kilipu ndi mausi maginito ogundanitsa makilipu atazima. Mu pulogalamu yoeditira ya Premiere Pro batani lake ndi `S`, mu DaVinci Resolve ndi `N`, ndipo onsewa ndi mabatani omwe chala chimagunda mwangozi osadziwa. Nthawi zina ndi kachidutswa kotsalira: munadula ndi lezala kawiri pafupi-pafupi, munachotsa chachikulu, kakang'ono n'kutsala. Ziwirizi n'zosavuta. Yovuta ndi yachitatu, pomwe taimulaini ikuoneka yoyera, makilipu agundana bwinobwino, koma fulemu yachilendoyo ili m'kati mwa kilipu yeniyeniyo, kumutu kapena kumchira kwake. Imeneyi ndi yomwe ndikhalepo nthawi.

Mnyamata wina wa ku Ngabu amene timathandizana ntchito anabwera ndi laputopu yake ali ndi nkhani yotere. Anajambula ukwati ndi kamera imodzi, mawu anatenga pa rekoda yolumikiza ku makina a DJ, ndipo poedita anawonjezerapo tizithunzi ta pa foni tomwe achibale a mkwatibwi anamutumizira pa WhatsApp. Anapereka vidiyo. Amalume a mkwatibwi anaimba foni kuti akaonera pa TV pali pomwe pakung'anima chofiira.

"Achimwene, ndaonera kangapo konse, palibe chimene ndikuona," anatero.

Sankanama. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi yomwe kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo fani ya laputopu inkachita kulira. Makina akatentha amadzichepetsera liwiro okha, ndiye posewera taimulaini amalumpha mafulemu ena kuti asatsalire. Fulemu yomwe mukuisakayo ikhoza kukhala m'gulu la olumphidwawo. Mu Premiere, pa kasipanala ka pansi pa `Program Monitor` pali `Show Dropped Frame Indicator`. Mukayatsa, pamabwera kadontho kobiriwira, ndipo makina akayamba kutaya mafulemu kamasanduka kachikasu. Pa laputopu ya mnyamatayu kanasanduka kachikasu vidiyo itangoyamba kuyenda. Choncho kuonera taimulaini ikusewera si umboni ayi. TV ya amalume inkasewera fayilo yomalizidwa, fulemu iliyonse, mosalumpha.

N'chifukwa chake ine ndimayambira pa fayilo yomwe kasitomala waonera, osati pa taimulaini. Ngati muli ndi pulogalamu ya `ffmpeg`, yomwe ndi yaulere ndipo sifuna intaneti mukangoiika, ikhoza kuyang'ana mafulemu onse m'malo mwanu. Poyamba funsani za mdima:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "blackdetect=d=0.02:pix_th=0.10" -an -f null -
```

Samalani `d=0.02` ameneyo. Mukapanda kumulemba, pulogalamuyi imangonena za mdima wotalika masekondi 2 kapena kuposerapo, ndiye fulemu imodzi idzadutsa osaonedwa. Pa ukwati umenewu inangopeza mdima wa koyambirira ndi wa kumapeto. Sitinadabwe, popeza amalume ananena zofiira, osati zakuda. Kenaka tinafunsa funso lina, lakuti ndi pati pomwe chithunzi chikusintha kwambiri kuchoka pa fulemu ina kupita pa yotsatira:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf "select='gt(scene,0.3)',showinfo" -an -f null -
```

Apa pamatuluka mndandanda wautali, chifukwa podulira paliponse pamawerengedwa. Musauwerenge wonse. Yang'anani manambala a `pts_time` okha, ndipo funani awiri oyandikana kwambiri. Podulira pabwino pamatulutsa nambala imodzi. Fulemu yosokera imatulutsa awiri, wina polowa wina potuluka. Ifeyo tinapeza 847.48, pansi pake 847.52. Kusiyana kwake ndi 0.04, fulemu imodzi ndendende.

Kusandutsa nambalayi kuti igwirizane ndi wotchi ya taimulaini ndi masamu a kupulaimale. Masekondi 840 ndi mphindi 14, kutsala 7.48. Kenaka 0.48 kuchulukitsa ndi 25 ndi 12. Ndiye malo ake ndi `00:14:07:12`. Mukalemba nambalayi pa kabokosi ka wotchi, kalozera woimirira uja amalumphira pomwepo, bola ngati vidiyo munaitulutsa kuyambira pa ziro. Ngati taimulaini yanu imayambira pa `01:00:00:00`, monga momwe Resolve imachitira, onjezerani ola limenelo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo pa ukwati malirewo amaoneka msanga. Wojambula zithunzi akawalitsa fulashi yake, chithunzi chimasintha kwa fulemu imodzi kapena ziwiri, ndipo `ffmpeg` imatha kukupatsani manambala awiri oyandikana chimodzimodzi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mukafika pamalopo: fulashi ya kamera imawalitsa anthu omwewo ali pomwepo, kawirikawiri theka la chithunzi lokha, kumtunda kapena kumunsi, chifukwa makamera athuwa amawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchoka pamwamba. Imeneyo si vuto la kuedita. Inachitikadi mu holo, anthu anaiona ndi maso, ndipo ine ndimaisiya. Komanso fulemu yosokera ikafanana kwambiri ndi anansi ake, mwachitsanzo anthu omwewo koma kamera itasuntha pang'ono, 0.3 uja sangaigwire. Mutha kutsitsa kufika pa 0.15, kungoti mndandanda umatalika.

Amene mulibe `ffmpeg` musataye mtima, njira ya manja imagwira, imangodya nthawi. Muvi wa pansi pa kiyibodi umalumpha kuchoka podulira pena kupita potsatira. Podulira paliponse m'chigawo chomwe akudandaulacho, bwererani mafulemu atatu ndi muvi wa kumanzere, kenaka pitani kutsogolo asanu ndi umodzi ndi muvi wa kumanja, maso ali pa chithunzi. Muvi wa pansiwo uli ndi chizindikiro chakenso: mukaudinda kalozera n'kuoneka ngati sanasunthe, dziwani kuti wasuntha fulemu imodzi yokha, ndipo mwaponda mpata kapena kachidutswa. Onetsetsani kuti mizere yonse ya zithunzi ndi yosankhidwa kumanzere kuja, chifukwa mu Premiere muviwu umangoima pa mizere yosankhidwa. Kachidutswa koiwalika pa mzere wa `V3` kamadutsidwa mwakachetechete. Za mipata yokha, pali `Sequence > Go to Gap > Next in Sequence`, yomwe imakufikitsani pa mpata wotsatira.

Titafika pa `00:14:07:12` tinakuza taimulaini ndi `=` mpaka fulemu iliyonse ikuoneka payokha. Panalibe mpata. Panalibe kachidutswa, pa `V2` panalibenso kanthu. Kumanzere kunali kilipu ya kamera, akwati ataima ndi lichero. Kumanja kunali kilipu ya pa foni, azimayi akuchikazi akuvina akuponya ndalama. Koma pa fulemu yoyamba yeniyeni ya kilipu ya pa foniyo panali china: chitenje chofiira chadzaza chithunzi, kumbuyo kwake mapoto ali pa mafuwa.

Apa batani lothandiza ndi `F`, lomwe limatsegula kilipu yoyambirira pa fulemu yomweyo. Titatsegula, nkhani inamveka. Mwana wa mlongo wake wa mkwatibwi sanatumize zomwe anajambula zili zosaphika. Anali ataziphatikiza kale pa foni yake, kukhitchini kenaka kuholo, zonse m'fayilo imodzi. Mnyamata wathuyu posankha poyambira ankakoka ndi mausi, ndipo anaima fulemu imodzi kukhitchini kusanathe. Taimulaini singakuchenjezeni za zotere. Kwa iyo imeneyi ndi kilipu imodzi, sidziwa kuti m'kati mwake munthu wina anadulamo kale.

Vidiyo iliyonse yomwe inaeditidwapo kale imabwera ndi msampha umenewu: ya pa WhatsApp, ya chinkhoswe yomwe anajambula wina, ya mpingo ya chaka chatha yomwe akufuna muikemo pang'ono. Ine zoterezi ndimayamba ndazidula podulira pake pakale ndisanaziike pa taimulaini. Premiere ili ndi `Scene Edit Detection` yochitira zimenezi, ngakhale nayo iyenera kuyenderedwa ndi maso.

Mnyamatayo chala chinali kale pa `Q`. Batani limeneli limadula kuchoka kumutu kwa kilipu kufika pomwe pali kalozera, n'kukokera zonse za kumanja kuti zitseke mpatawo. N'lachangu, ndipo pa vidiyo yopanda mawu oyenda pansi palibe cholakwika kuligwiritsa ntchito. Koma iye anali ndi mawu a rekoda ya DJ atayala pa `A3` kuyambira koyamba kwa perekani-perekani mpaka kumapeto, osadulidwa, mzerewo ataukhoma ndi loko. Mukafupikitsa zithunzi ndi fulemu imodzi, zonse za kumanja zimasunthira kumanzere masekondi 0.04, mawu n'kutsala pomwe anali. Milomo ya MC iyamba kutsogola. Fulemu imodzi anthu ambiri saiona, n'zoona. Koma amene amakonza motere sakonza kamodzi, ndipo zikakwana zinayi kapena zisanu, pofika pa mawu a bambo a mkwati aliyense akuona kuti pakamwa ndi mawu sizikuyendera limodzi. Mukachotsa loko kuti mawu asunthire limodzi, ndiye kuti nyimbo ya DJ iyenera kudulidwa pakati, ndipo khutu limamva kudumpha kwa ng'oma msanga kuposa momwe diso limaonera milomo.

Chofunika pamenepa ndi kusuntha podulira pokha, kutalika kwa vidiyo osakukhudza. Kilipu ya kumanzere italike, ya kumanja ifupike ndi muyeso womwewo. Mu Premiere ndi `Rolling Edit Tool`, batani `N`. Mumadinda podulirapo mutagwira `Alt` kuti mawu a kilipuyo asatengeke, kenaka `Ctrl` ndi muvi wa kumanja kusuntha fulemu imodzi imodzi. Mu Resolve mumalowa `Trim Edit Mode` ndi `T`, n'kudinda pakati penipeni pa podulirapo, kenaka `.` kupita kumanja kapena `,` kubwerera. Chomwe chimafunika n'chakuti kilipu ya kumanzere ikhale ndi zotsala kuseri kwa pomwe munaidulira. Apa zinalipo zambiri, kamera inali ikujambulabe akwati ali ndi lichero lawo.

Tinasuntha mafulemu awiri, osati imodzi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Foniyo inajambula mafulemu 30 pa sekondi, taimulaini ndi ya 25. Kuti 30 alowe m'malo 25, pulogalamu imataya fulemu imodzi pa asanu ndi imodzi aliwonse. Ndiye mafulemu a foni ndi a taimulaini sagona pamzere umodzi, ndipo fulemu yomwe lero yabisala ikhoza kutulukira mawa mukasuntha poyambira kilipu kapena mukachepetsa liwiro lake. Kuwonjezera apo, mafoni sasunga liwiro limodzi, amalisintha malinga ndi kuwala ndi kutentha. Komanso vidiyo yomwe yapanikizidwa ndi WhatsApp, fulemu yoyamba pambuyo pa kusintha kwa chithunzi nthawi zina imakhala yamabokosimabokosi, isanayere. Kutaya fulemu imodzi yabwino ya azimayi akuvina palibe amene adzadandaule.

Chitenje chinachoka. Mnyamatayo anapumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Ndiikepo `Cross Dissolve` kuti pasalale." Ndinamusiya aike, chifukwa chimene chimatsatira ndi bwino munthu achione yekha. Anaika ya sekondi imodzi, ndipo inakhala pakati pa podulirapo monga mwa chizolowezi chake. Titayenda fulemu ndi fulemu, mapoto aja anabwerera, tsopano ngati mzukwa pamwamba pa nkhope za akwati, ndipo osati fulemu imodzi koma pafupifupi 10.

Chifukwa chake n'chakuti kudula pa taimulaini sikufufuta kanthu m'fayilo, kumangobisa. Kusungunula kwa sekondi imodzi komwe kwakhala pakati kumayamba mafulemu 12 podulira pasanafike, ndipo m'mafulemu amenewo pulogalamu iyenera kuonetsa kilipu yobwerayo pang'onopang'ono. Imaitenga kuti? Kuseri kwa poyambira panu, komwe munabisa khitchini ija. Anthu ambiri amaganiza kuti kusungunula kumaphimba fulemu yosokera, pomwe kawirikawiri ndi komwe kumaivundukula. Ngati mukufunadi kusungunula pamalo otere, dindani pa iko, pitani ku `Effect Controls`, ndipo pa `Alignment` musankhe `Start at Cut`. Mukatero kilipu yobwerayo iyambira pomwe munaiuza, ndipo zotsala zidzatengedwa ku kilipu ya kumanzere yomwe ili nazo zoyera. Vuto likakhala kumchira kwa kilipu ya kumanzere, ndiye `End at Cut`. Ifeyo tinangochotsa kusungunulako. Pakati pa gule, ng'oma ikugunda, kudula kouma kumakhala bwino kuposa kusungunula, ndi maganizo anga amenewo.

Pa mitundu iwiri yosavuta ija mfundo ndi yomweyi ya mawu. Mpata mutha kuutseka ndi `Sequence > Close Gap` mu Premiere kapena `Edit > Delete Gaps` mu Resolve, koma zonsezi zimakoka za kumanja. Ngati pansi pali mawu aatali, ndi bwino kungokoka mchira wa kilipu ya kumanzere kuti udzaze mpatawo, maginito atayaka. Kachidutswa nako chimodzimodzi: kafufuteni ndi `Delete` wamba mu Premiere kapena `Backspace` mu Resolve, patsale mpata, kenaka talikitsani mnansi wake. Ndipo `Delete Gaps` musamudinde mwachisawawa pa taimulaini yaitali, chifukwa sasiyanitsa mpata wangozi ndi womwe munausiya dala.

Pali mtundu wina womwe umasokoneza mutu: pa fayilo yotuluka fulemu yoipa ilipo, koma pa taimulaini, pa nambala yomweyo, zonse zili bwino. Kapena chithunzi chasweka, chabiriwira, kapena fulemu ya sekondi yapitayo yabwereza. Pamenepo musadule chilichonse, vuto silili pa kadulidwe. Yambani ndi `Sequence > Delete Render Files`, chifukwa pulogalamu ikhoza kukhala ikugwiritsa ntchito zomwe inasunga musanasinthe, ndipo potulutsa musachonge `Use Previews`. Zikapitirira, ndipo malowo ali pa kilipu ya foni, isandutseni ikhale ya liwiro lokhazikika musanaibwezere:

```
ffmpeg -i foni.mp4 -vf fps=25 -c:v libx264 -crf 16 -c:a aac foni25.mp4
```

Mukaibwezera, yenderaninso kumutu ndi kumchira kwake, popeza mafulemu asintha malo pang'ono ndipo khitchini ija ikhoza kusuzumiranso. Zikakanikabe, potulutsa sinthani kuchoka pa `Hardware Encoding` kupita pa `Software Encoding`. Zimachedwa, ndipo kuno ndi bwino kuzisiyira usiku kukazizirako, laputopu itakwezedwa pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, magetsi akalola.

Musanatulutse vidiyo yonse, yomwe pa makina ngati a mnyamatayu imatenga maola, ikani chizindikiro choyambira ndi batani `I` masekondi asanu podulirapo pasanafike, ndi chothera ndi batani `O` masekondi asanu patsogolo, n'kutulutsa kachigawo kameneko kokha ndi makonzedwe omwewo a vidiyo yaikulu. Katseguleni mu pulogalamu yoonera vidiyo ya VLC, imitsani pafupi ndi malowo, ndipo batani `E` likuyendetsani fulemu imodzi imodzi. Pa kathu tinaona akwati, akwati, akwati, kenaka azimayi akuvina, popanda chofiira pakati.

Tisanatulutse yonse tinabwerera ku mndandanda wa `pts_time` uja, chifukwa fayilo ya pa foniyo inagwiritsidwa ntchito malo angapo. Tinapeza awiri enanso oyandikana chakumapeto, podula keke. Amalume sanawatchule. Imeneyo inali kumchira kwa kilipu, fulemu imodzi ya galimoto ya akwati itaima panja, ndipo tinaichotsa posuntha podulira mafulemu awiri kubwerera kumanzere.